Ziganizo zosokeretsa: mafunso ndi mayankho pa mmene ubongo umamangira chiganizo

Kodi chiganizo chosokeretsa n'chiyani?

Werengani ichi mwachangu, monga muwerengera uthenga wa pa foni:

*Pamene mayi ankaphika nkhuku zinalowa m'nyumba.*

Ngati muli ngati anthu ambiri, mutafika pa mawu oti "nkhuku" m'maganizo mwanu munali kale mphika pamoto, nyama ya nkhuku ili m'katimo. Kenaka anabwera mawu oti "zinalowa", ndipo munaima pang'ono. Zinalowa n'ziti? Nkhuku zimene zili mumphika sizingalowe m'nyumba. Munabwerera m'mbuyo, n'kuzichotsa nkhukuzo mumphika, n'kuziika pakhomo zili zamoyo. Mayi ankaphika zina, mwina nsima, ndipo nkhuku zinapezerapo mpata wolowa.

Chiganizocho sichinaphwanye lamulo lililonse la chiyankhulo. Chimene chachita n'chakuti mawu ake oyambirira akulowetsani m'njira yooneka yoongoka, ndipo mwadzazindikira kutsogolo kuti njirayo ndi yotseka. Chiganizo chotere ndi chimene tikuchitcha chosokeretsa. Amene akufuna kufufuza pa intaneti alembe dzina lake la Chingerezi, *garden-path sentence*, lochokera ku chining'a cha Angerezi chonena za kutsogolera munthu m'kanjira ka m'munda wa maluwa, kutanthauza kumupusitsa.

Ziganizo za Chichewa zimene zili pano ndazipanga kapena kuzitembenuza ndekha kuti nkhaniyi muimve m'chinenero chanu. Kafukufuku wa makina amene ndimutchule anachitika pa anthu owerenga ndi omva Chingerezi ndi Chisipanishi.

Anayambitsa nkhaniyi ndani?

Chiganizo chimene chinatchukitsa nkhaniyi anachilemba Thomas Bever wa ku America m'chaka cha 1970:

*The horse raced past the barn fell.*

Eni ake Chingerezi ambiri akachiona koyamba amati n'cholakwika, ndipo ena sakhulupirira ngakhale uwafotokozere. Vuto lili pa mawu achitatu. M'Chingerezi mawu amenewo amalembedwa chimodzimodzi akamatanthauza "anathamanga" ndiponso akamatanthauza "wothamangitsidwa". Wowerenga amatenga tanthauzo loyamba, n'kumva kuti kavalo anathamanga kudutsa pakhola, ndipo kwa iye chiganizo chathera pamenepo. Mawu omaliza, otanthauza "anagwa", amasowa pokhala. Chonsecho nkhani ndi yakuti kavalo amene anamuthamangitsa kudutsa pakhola uja anagwa.

Bever anafotokoza kuti womva Chingerezi ali ndi chizolowezi: akamva dzina kenaka mneni, amangoti dzinalo ndi wochita ndipo mneniyo ndiye mneni wamkulu wa chiganizo. Chizolowezicho chimamuthandiza pafupifupi nthawi zonse, ndipo chimamugwetsa pa ziganizo zochepa zonga ichi.

Kodi Chichewa chili nacho chiganizo chofanana ndi cha kavalo chija?

Chili nacho, ndipo ife timachiyankhula tsiku ndi tsiku osaona chachilendo. Tiyeni tichitsate mawu amodzimodzi:

*Mnyamata anaba galu uja wagwidwa.*

Mukawerenga "mnyamata", mumamuika pamalo a mwininkhani. "Anaba" akubwera ndi *a-* wogwirizana ndi mnyamatayo, ndiye mumati mneni wa chiganizo wapezeka. Kuba kumafuna chobedwa, ndipo "galu" akufika pa nthawi yake kudzakhala pamtherankhani. "Uja" akumamatira pa galu mosavuta. Apa muli ndi chiganizo chathunthu, choti mungaikepo mpumiro: mnyamata anaba galu uja. Ndiye pakutulukira "wagwidwa", mneni wachiwiri, wopanda mlumikizi womulowetsa. Apa mpamene nyumba imene munamanga ikugwa. Muyenera kumasula zonse, n'kuona kuti "anaba galu uja" sinali nkhani yaikulu, inali nthambi yofotokoza kuti tikunena mnyamata uti. Nkhani yaikulu ndi yakuti wagwidwa.

Tsopano sinthani liwu limodzi lokha: *Mnyamata anaba njinga uja wagwidwa.* Kupunthwa kwasamuka. Njinga imafuna "ija", choncho mukangoona "uja" mukudziwa kuti akuloza mnyamata, ndipo mukukonza msanga musanafike pa "wagwidwa". Njira yolakwika yafupika ndi liwu limodzi, ndipo chiganizo chapepuka. Mukaikamo "amene" pambuyo pa "mnyamata", njira yolakwikayo palibiretu.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti m'kamwa chiganizo cha galuchi sichisokeretsa munthu. Chinenereni mokweza ngati mukuuza mnzanu kuti wakuba uja wapezeka. Mudzamva kuti pa "anaba" mwakweza mawu pa phatikizo loyamba, pamene mukamangosimba kuti mnyamata anaba galu, *a-* ameneyu amatsika. Kukwera kwa mawu kumeneko ndiye "amene" wathu wa m'kamwa. Koma kalembedwe ka Chichewa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye papepala chizindikirocho chimatayika, wowerenga n'kutsala yekha pamphambano.

Zomwezo zimachitika ndi kamawu koti *ndi*. Onani ichi: *Mphunzitsi ndi mlamu wanga akangana kumsika.* Mawu anayi oyambirira mungawamve ngati akukuuzani ubale wanga ndi mphunzitsiyo. "Akangana" akafika mpamene mukuzindikira kuti anthu ndi awiri. Poyankhula, *ndi* wolumikiza anthu awiri amakwera, *ndi* wonena chimene munthu ali amatsika.

Nanga bwanji ubongo sudikira kuti chiganizo chithe kenaka n'kumasulira?

Ili ndiye phunziro lalikulu la nkhani yonseyi. Chikhala kuti ubongo umasonkhanitsa kaye mawu onse mpaka pa mpumiro n'kuyamba kuwasanja, palibe chiganizo chikanatisokeretsa, chifukwa tikanaona "wagwidwa" tisanagamule za "anaba". Kupunthwa kwathu ndiwo umboni woti chigamulo chinapangidwa kale, liwu lililonse likungofika.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa kumva chiyankhulo kudekha kuli ndi mtengo wake. Munthu akamayankhula amatulutsa mawu awiri kapena atatu pa sekondi iliyonse, ndipo sakudikirani. Mawu amene mwawamva koma simunawamangirire pa china chilichonse amazimiririka m'mutu m'masekondi ochepa. Yesani kusunga mawu khumi osagwirizana, kenaka yesani kusunga chiganizo cha mawu khumi. Chachiwiricho n'chopepuka kwambiri, chifukwa mawu omangidwa pamodzi amanyamulika ngati mtolo umodzi wa nkhuni. Choncho ubongo umamanga mtolowo uku ukuyenda. Umalolera kulakwa mwa apo ndi apo kusiyana ndi kutsalira m'mbuyo pa chiganizo chilichonse. Ndiponso pocheza timayankhana mofulumira kwambiri, mnzathu akangotseka pakamwa ife tayamba kale, zimene sizikanatheka tikanayamba kumasulira iye atamaliza.

Ukafika pamphambano, ubongo umasankha bwanji njira?

Yankho limene linalamulira nkhaniyi kwa zaka zambiri linachokera kwa Lyn Frazier chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Iye anati ubongo umamanga chiganizo chimodzi chokha pa nthawi, ndipo poyamba umayang'ana mtundu wa liwu basi, kuti ili ndi dzina, uyu ndi mneni, osalabadira tanthauzo. Ukapeza njira ziwiri umatsata malamulo awiri.

Loyamba ndi lakuti tenga mamangidwe osavuta, okhala ndi nthambi zochepa. Pa "mnyamata anaba", kunena kuti uyu ndi mwininkhani ndi mneni wake n'kwachidule kuposa kutsegula nthambi yofotokoza mnyamatayo n'kumadikira mneni wina kutsogolo. Ili ndilo limagwetsa anthu pa kavalo uja.

Lachiwiri ndi lakuti liwu latsopano uliphatikize pa nthambi imene uli nayo m'manja, usafulumire kuitseka. Pa "pamene mayi ankaphika", nthambi ikadali yotsegula ndipo mneni "ankaphika" angathe kulandira chophikidwa, ndiye "nkhuku" zikangofika zikugwera momwemo.

Malinga ndi Frazier, tanthauzo limabwera pambuyo, ngati kapitawo woyendera ntchito imene yamangidwa kale. Likapeza kuti khoma lapotoka, limalamula kuti agumule. Mfundo yoti ubongo umakonda njira yosavuta ndi yapafupi ikadali yolimba mpaka lero. Yoti tanthauzo limadikira kunja ndiyo inabutsa mkangano, ndipo tifikako.

Tingadziwe bwanji kuti munthu wapunthwa, iye mwini osanena?

Maso amaulula. Powerenga, diso silitsetsereka pa mzere monga timaganizira. Limadumpha n'kuima, kudumpha n'kuima, ndipo pamene laima limakhalapo pafupifupi mamilisekondi 200 mpaka 250, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a sekondi. Pa kudumpha 100 kulikonse, kudumpha 10 mpaka 15 kumakhala kobwerera m'mbuyo. Pali makina okhala ndi kamera amene amalemba pamene diso laima ndi nthawi imene lakhalapo.

M'chaka cha 1982 Frazier ndi Keith Rayner, ku yunivesite ya Massachusetts, anakhazika anthu pa makina otere n'kuwapatsa ziganizo zosokeretsa. Chimodzi mwa izo, tikachitembenuzira m'Chichewa, chimasunga msampha wake: *Popeza Jay amathamanga masiku onse mtunda wa mailosi imodzi umaoneka waufupi kwa iye.* Wowerenga amatenga mtundawo ngati umene Jay amathamanga. Ofufuzawo anapeza kuti maso ankadutsa bwinobwino pa mawu a mtunda, osaonetsa kukayika kulikonse, koma akafika pa mneni wotanthauza "umaoneka" ankaima nthawi yaitali, ndipo nthawi zambiri ankabwerera m'mbuyo. Anaonanso kuti kubwererako si nthawi zonse kumakhala koyambiranso chiganizo chonse. Diso limatha kudumphira chakumene njira inasiyana.

Mfundo ziwiri zikuoneka apa. Pamphambano penipeni palibe kuchedwa, kusonyeza kuti wowerenga sanazindikire n'komwe kuti panali njira ziwiri. Kuchedwa kuli pamene njira yatha. Ndipo kuti mutsimikize kuti kuchedwako kwabwera ndi msampha, osati ndi kuvuta kwa liwulo palokha, mumayerekeza ndi chiganizo china cha mawu omwewo chimene mulibe msampha. Popanda chiganizo choyerekezera chimenechi kafukufukuyo sakunena kanthu.

Palinso njira yomvetsera ubongo weniweniwo. Munthu amavala chipewa chokhala ndi timawaya togunda pakhungu la mutu, tojambula mphamvu ya magetsi ya mu ubongo. M'chaka cha 1992 Lee Osterhout ndi Phillip Holcomb anaonetsa kuti munthu akafika pa liwu limene likugumula mamangidwe ake, pamabwera funde lodziwika bwino patapita pafupifupi mamilisekondi 600. Fundelo analitcha P600. Limasiyana ndi lina lotchedwa N400, limene limabwera mofulumirirapo liwu likakhala kuti lili pamalo oyenera koma tanthauzo lake n'lodabwitsa, monga kunena kuti "anathira mchere mu nsapato".

Kodi n'zoona kuti tanthauzo silithandiza poyamba? Ine ndikuona ngati limathandiza.

Mukuona bwino, ndipo mungadziyese nokha. Ikani ziwirizi pamodzi:

*Pamene mayi ankaphika nkhuku zinalowa m'nyumba.*

*Pamene mayi ankaphika alendo analowa m'nyumba.*

Mamangidwe ake ndi amodzi. Koma chachiwiricho chimayenda bwino, chifukwa alendo saphikidwa. Funso limene akatswiri anakanganapo n'lakuti: kodi pa chachiwiricho ubongo sunalowe n'komwe m'njira yolakwika, kapena unalowamo kamphindi n'kutulukamo mofulumira moti ife sitikumva? Kusiyana kwake n'kwa tizigawo ta sekondi, ndiye maganizo a munthu pawekha sangagamule.

M'chaka cha 1986 Fernanda Ferreira ndi Charles Clifton anayesa ndi ziganizo za mtundu wa kavalo uja. China chinkayamba ndi munthu woimbidwa mlandu, china ndi umboni wa mlandu, kenaka mneni amene m'Chingerezi angamveke "anaunika" kapena "wounikidwa", kenaka mawu oti "ndi loya". Woimbidwa mlandu angathe kuunika chinthu, koma umboni sungaunike kanthu, umangounikidwa. Tanthauzo likanakhala lothandiza pompopompo, chiganizo cha umboni sichikanachedwetsa munthu. Iwo anapeza kuti zonse ziwiri zinachedwetsa, ndipo zinaoneka kuti Frazier wapambana. Koma m'chaka cha 1994 John Trueswell, Michael Tanenhaus ndi Susan Garnsey anabwereza ntchitoyo atasankha mayina mosamala kwambiri, poona kuti zinthu zina zopanda moyo zimathabe kukhala zochita, monga galimoto imene imakoka inzake. Atagwiritsa ntchito mayina amene sangakhale ochita ngakhale pang'ono, kuchedwa kuja kunachepa kwambiri, pafupifupi kutha.

Kafukufuku amene ine ndimamuona kuti ndi womveka koposa ndi wa m'chaka cha 1995, wa Tanenhaus ndi anzake ku yunivesite ya Rochester. Munthu amakhala patebulo atavala kamera yotsata maso. Patebulopo pali apozi ali pa thaulo, pali thaulo lina lopanda kanthu, pali bokosi. Mawu akumveka m'Chingerezi, onena kuti: ika apozi pa thaulo m'bokosi. Womva akamva "pa thaulo" amaganiza kuti ndiko kopita apoziyo, ndipo maso ake amathamangira pa thaulo lopanda kanthu lija, koposa theka la nthawi zonse, mpaka "m'bokosi" atamubweza. Kenaka ofufuzawo anaikapo apozi wachiwiri, ali pa kansalu kena. Mawu sanasinthe ngakhale limodzi. Koma tsopano womva akamva "apozi" ali kale ndi funso loti apozi uti, ndipo "pa thaulo" akubwera ngati yankho la funsolo. Maso anangotsala pang'ono kusiyiratu kupita pa thaulo lopanda kanthu. Zimene zinali patebulo zinasintha mamangidwe a chiganizo kuyambira pachiyambi.

Bwererani nazo kwa mnyamata wathu. Ngati nkhani yanena kale kuti anyamata anali awiri, wina anaba galu, wina anaba mbuzi, ndiye mukawerenga "mnyamata anaba galu uja" muli kale tcheru kuti akukuuzani kuti ndi uti, ndipo "wagwidwa" akufika muli okonzeka. Chiganizo sichikhala chosokeretsa pachokha. Chimasokeretsa munthu amene alibe chomuchenjeza.

Ine ndili mbali ya amene amati ubongo umagwiritsa ntchito chilichonse chimene uli nacho, nthawi yomweyo: mtundu wa liwu, tanthauzo lake, nkhani yapitayo, zimene maso akuona, ndiponso kuchuluka kwa nthawi zimene unamvapo mneni ameneyu akutsatidwa ndi zotere. Njira yosavuta imapambana kawirikawiri chifukwa ndiyo yofala, ndipo zizindikiro zina zikakhala zofooka imatsala yokha. Sindikunena kuti a mbali inayo analakwa pa zonse. Iwo ndi amene anatipatsa mafunso oyeseka, ndipo pali misampha ina, monga ya kavalo ija, imene imagwirabe anthu ngakhale nkhani itawakonzekeretsa.

Munthu akazindikira kuti analakwa n'kukonza, kodi tanthauzo loyamba lija limachoka?

Silichoka lonse, ndipo apa mpamene nkhaniyi imandikhudza. Tsiku lina ndinapatsa mwana wa mchemwali wanga, wa sitandade 6, chiganizo cha nkhuku chija nditachilemba pa chikuto cha kope. Anawerenga mokweza chala chili pa mzere, n'kuima pa "zinalowa", n'kubweza chalacho mpaka pa "ankaphika", n'kuwerenganso bwinobwino. Ndinamufunsa kuti chinalowa m'nyumba n'chiyani. Anati nkhuku. Ndinamufunsa kuti nanga mayi ankaphika chiyani. Anayankha mosakayika kuti: "Nkhuku, malume." Nkhuku zomwezo zinali mumphika komanso pakhomo, ndipo iye sanaone kuti pali chovuta.

Si za ana okha. M'chaka cha 2001 Kiel Christianson, Ferreira ndi anzawo anapatsa ophunzira a ku yunivesite ziganizo zonga ichi: *Pamene mlenje ankasaka mbawala inathawira m'nkhalango.* Atafunsidwa ngati nyamayo inathawira m'nkhalango, pafupifupi onse anayankha molondola kuti inde. Atafunsidwa ngati mlenje ankasaka nyamayo, ambiri anayankhanso kuti inde, ali otsimikiza, chonsecho chiganizo sichikunena chimene ankasaka. Wina angati n'zomveka kuganiza kuti mlenje ankasaka nyama yomweyo. Ofufuzawo analiona vuto limenelo, ndiye anayesanso ndi ziganizo zimene kuganiza kotero sikungatheke, monga cha mayi wotchedwa Anna amene ankavala, mwana n'kubwezera mkaka pabedi. M'Chingerezi mneni wa kuvala ndi wa kuveka ndi mmodzi, ndipo chiganizo chikamasuliridwa molondola Anna ankadziveka yekha. Komabe anthu ambiri ananena kuti Anna anaveka mwanayo. Pamene panali mpatuliro, kapena nthambi zitasinthanitsidwa, kulakwaku kunachepa kwambiri.

Ferreira anatcha zimenezi kumva kongokwanira. Ubongo umakonza pamene pagumuka, kuti mneni wachiwiri apeze mwininkhani wake, koma nthawi zambiri subwerera kukafufuta chithunzi chimene unajambula poyamba. Ndipo njira yolakwika ikatalika, chithunzicho chimakhazikika kwambiri. Yesani ichi: *Pamene mayi ankaphika nkhuku zonenepa zimene anagula dzulo kumsika zinalowa m'nyumba.* Pofika pa "zinalowa" mwakhala nazo nkhukuzo mumphika kwa mawu asanu ndi limodzi, ndipo kuzitulutsamo n'kovuta kuposa poyamba paja.

Kodi zinenero zonse zimasokeretsa mofanana?

Ayi. Kufulumira kumanga n'kwa anthu onse, koma mphambano zimakhala pamalo osiyana. Chiganizo cha Anna chija m'Chichewa chilibe msampha, chifukwa ife tili ndi kuvala ndi kuveka, kusamba ndi kusambitsa. Mneni yekha wanena kale ngati pali munthu wachiwiri. Agwirizanitsi athu nawonso amatseka njira zambiri. Mukanena kuti "ankaziphika nkhuku", *-zi-* ameneyo watsimikiza kuti nkhukuzo n'zophikidwa. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa m'chaka cha 1987 kuti kamawu kam'kati kameneka kakakhalapo, mayina a m'chiganizo cha Chichewa amatha kusinthana malo momasuka. Ufulu umenewo uli ndi msampha wakewake mayina awiri akakhala a gulu limodzi: pa *Mwana anamuluma galu* wowerenga amayamba n'kuona mwana ali wochita, chifukwa ndiye wayamba kutchulidwa.

Ngakhale lamulo lophatikiza pafupi lija silinapezeke lofanana kulikonse. M'chaka cha 1988 Fernando Cuetos ndi Don Mitchell anayesa ziganizo zonga chakuti wina anawombera wantchito wa mayi wochita zisudzo amene anali pakhonde. Anali pakhonde ndani? Owerenga Chingerezi ankakonda kunena kuti ndi mayiyo, dzina lapafupi. Owerenga Chisipanishi ankakonda kunena kuti ndi wantchito, dzina lakutali. Izi zinasonyeza kuti zina mwa zosankha za ubongo zimaumbidwa ndi chinenero chimene munthu wakuliramo. M'Chichewa funsolo limabuka mukati "wantchito wa mphunzitsi amene anali pakhonde", koma mukati "wantchito wa mfumu imene inali pakhonde" gulu la dzina lagamula kale mlanduwo.

Kodi chiganizo chosokeretsa n'chimodzimodzi ndi cha matanthauzo awiri?

N'zapachibale koma si chimodzi. Cha wantchito wa mphunzitsi chimafika pa mpumiro matanthauzo onse awiri akadali amoyo, ndipo wowerenga sapunthwa paliponse. Amangotenga limodzi n'kumapita, mwina osadziwa kuti panali lina. Chosokeretsa chimakhala ndi njira ziwiri pakati pokha, ndipo kumapeto imatsala imodzi, imene wowerenga sanaisankhe. N'chifukwa chake chili chothandiza kwa ofufuza: pali liwu lenileni limene mungaloze n'kuyeza nthawi pamenepo.

Kodi kupunthwa kumasonyeza kuti munthu sadziwa kuwerenga bwino?

Sikusonyeza zimenezo. Anthu amene anayesedwa m'kafukufuku wambiri ndi ophunzira a ku yunivesite, owerenga chinenero chawo chobadwira, ndipo amapunthwa ndithu. Pamene anthu amasiyana kwambiri ndi pa kudzuka. M'chaka cha 1999 Trueswell ndi anzake ku yunivesite ya Pennsylvania anachita za patebulo zija ndi ana a zaka zisanu, pogwiritsa ntchito zidole za achule. Anawo akamva mawu otanthauza "pa kansalu" ankagamula kuti ndiko kopita chule, ndipo nthawi zambiri ankachitadi zolakwikazo ndi manja, ngakhale atamva "m'bokosi". Chule wachiwiri sanawathandize monga apozi wachiwiri anathandizira akuluakulu. Luso losiya ganizo loyamba n'kutenga lina limakhwima mochedwerapo kusiyana ndi luso lomanga chiganizo.

Ine ndimalemba Chichewa. Ndingadziwe bwanji kuti ndatchera owerenga anga msampha?

Vuto lanu n'lakuti inu simungagweremo. Mukamawerenga zimene mwalemba mumazimva ndi mawu anu a m'mutu, okwera ndi kutsika pamalo oyenera. Poyankhula, pamene gulu la mawu latha timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho mukafuna kunena kuti mayi ankaphika basi, mumakoka *-phi-* wa "ankaphika" n'kupuma pang'ono, ndipo womva akudziwa kuti nkhuku n'za nkhani ina. Wowerenga wanu alibe zimenezo. Ali ndi zilembo zokha.

Ndiye muziyang'ana malo atatu amene taona. Chiganizo chikayamba ndi "pamene", "ngati", "popeza" kapena mneni wonga "atamaliza", ndipo nthambiyo yathera pa mneni amene angathe kulandira dzina lotsatira, ikanipo mpatuliro, kapena yambani ndi nkhani yaikulu: *Nkhuku zinalowa m'nyumba pamene mayi ankaphika.* Mukalemba dzina n'kulitsatiza ndi mneni wongolifotokoza, bwezeretsani "amene" kapena "imene", ngakhale m'kamwa simukanamunena. Ndipo *ndi* akakhala pakati pa mayina awiri a anthu koyambirira kwa chiganizo, onani ngati sangamveke ngati akunena kuti woyambayo ndiye wachiwiriyo. "Pamodzi ndi" amathetsa zimenezo.

Kuti muyese, pezani munthu amene nkhaniyo sakuidziwa, mumupatse pepalalo awerenge mokweza asanaliyang'ane. Musamvetsere ngati akumaliza chiganizo, chifukwa adzamaliza. Mvetserani pamene watsitsa mawu ngati wafika pa mpumiro chonsecho mzere ukupitirira, ndi pamene wabwereza mawu awiri kapena atatu. Ikani chizindikiro pamenepo, kenaka bwererani m'mbuyo kufuna pamene njira inasiyana, chifukwa pofunika kukonza ndi pamphambanopo, osati pamene wapunthwira. Akamaliza, vundikirani pepalalo mumufunse funso la njira yolakwika ija: nanga mayi ankaphika chiyani?